Akuuzani kuti mulankhule mphindi 5 m'malo mwa 10: mafunso ndi mayankho

Misonkhano yambiri kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza siyamba pa nthawi yake, kaya ndi ya chitukuko cha m'mudzi, ya makolo pa sukulu kapena ya kalabu ya alimi. Mlendo wolemekezeka akachedwa, kapena ngoma ikakoma n'kudya nthawi, amene amapsa ndi olankhula a pakati pa pulogalamu. Wotsogolera mwambo amangofika n'kukunong'onezani kuti, “Pepani, nthawi yatithera, mungolankhula mphindi 5.” Ena amachita mwayi, amauzidwa kudakali tsiku limodzi kapena awiri.

Mayankho ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi kuti nkhani isabalalike. Tiyerekeze mayi wina, msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi wina cha ku Tsangano. Anakonza zolankhula za mphindi 10 zoti akanene pa msonkhano wa a Gulupu, ndipo madzulo a dzulo lake amuuza kuti ali ndi mphindi 5. Ndalama ndi manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma kachitidwe kake ndi komweko kulikonse.

Kodi sindingangolankhula mofulumira kuti zonse zikwane?

Ayi. Kuti zinthu za mphindi 10 zikwane m'mphindi 5, ndiye kuti liwiro la pakamwa panu lichuluke kawiri, ndipo palibe amene angakumveni. Mukhoza kufulumirako pang'ono, n'kupulumutsa mwina theka la mphindi, koma mukatero mwataya malo opumira. Malo opumirawo ndi pomwe womvera amamezera zomwe wamva. Pa bwalo la panja, pomwe mphepo ya Julaye ikuwomba, ana akulira ndiponso agogo akhala kumbuyo, munthu wothamangitsa mawu amangomveka ngati akulankhula yekha.

Kuzindikira kuti mwayamba kuthamanga n'kosavuta. Mpweya umakutherani pakati pa chiganizo, maso anu sachoka pa pepala, ndipo anthu amasiya kuvomera. Anthu akwathu akamatsatira nkhani amaponyamo “eee” kapena “zoona” pang'onopang'ono. Akangoti zii, dziwani kuti mwawasiya m'mbuyo.

Ndiye ndiyambire pati?

Ikani pepala lija pambali kaye. Tengani lina, mulembepo chiganizo chimodzi chokha: zomwe mukufuna munthu amene anabwera ku msonkhano akauze mnzake amene anatsala kunyumba. Mnzakeyo akadzafunsa kuti, “Nanga mayi a mjigo aja amati chiyani?” yankho lake ndilo phata la nkhani yanu.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, chifukwa amalemba mutu wa nkhani n'kumaganiza kuti alemba mfundo. “Nkhani ya mjigo wathu” ndi mutu chabe. “Kufunika kosamalira mjigo” ndi mutunso. Palibe amene angatsutse kapena kuvomereza mawu amenewa, ndipo sakuuza munthu chochita. Mfundo imakhala ndi wochita, chochita ndi chifukwa chake. Mayi wathu uja atayesa kangapo anafika pa iyi: “Khomo lililonse lizisonkha K1,000 pa mwezi, kuti mjigo ukawonongeka tiziukonza sabata yomweyo.”

Onani kuti chiganizochi munthu akhoza kuchikana. Wina anganene kuti K1,000 yachuluka, wina anganene kuti ndalama zimenezi zimadyedwa. Chimenechi ndicho chizindikiro chakuti mwapeza mfundo yeniyeni, ndipo mawu okanawo akukuuzani kale zomwe ziyenera kutsala m'zolankhula zanu.

Mukaona kuti chiganizo chanu chili ndi “komanso” kawiri kapena katatu, ndiye kuti muli ndi nkhani zingapo zomwe mwazimanga mtolo umodzi. Mphindi 10 zimatha kunyamula nkhani ziwiri movutikira. Mphindi 5 zimanyamula imodzi. Sankhani yomwe singadikire msonkhano wina.

Mphindi 5 ndi mawu angati?

Musatengere manambala omwe amalembedwa m'malangizo a olankhula Chingerezi. Mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi ngati “sitinawauze” limanyamula zomwe ku Chingerezi zimafuna mawu angapo, choncho pa mphindi imodzi timatchula mawu ocheperapo. Dziyeseni nokha. Tsegulani wotchi ya pa foni, imirirani, muwerenge mokweza ngati mukulankhula kwa anthu okhala patali, ndipo mphindi imodzi ikakwana muike chizindikiro pomwe mwalekeza. Kenaka werengani mawu omwe mwatchula. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa pakamwa.

Tinene kuti mayi uja anapeza mawu 90 pa mphindi. Mphindi 5 ndi masekondi 300, koma musakonzekere kuwadzaza onse. Padzakhala kuyenda kuchoka pa mphasa kufika kutsogolo, chimkuzamawu chokana kuyaka, anthu oseka kapena ong'ung'udza omwe muyenera kuwadikira. Konzekerani masekondi 270, ndiye kuti mphindi 4 ndi theka. Pa liwiro la mawu 90 pa mphindi, amenewa ndi mawu pafupifupi 400. Pepala lake loyamba linali ndi mawu pafupifupi 900. Choncho sakudula theka lokha, akudula kupitirira theka.

Ndichotseko pang'ono pa ndime iliyonse, kapena ndichotse ndime zathunthu?

Chotsani zathunthu. Mlimi akamapatulira chimanga sathothola masamba pa phesi lililonse kuti onse akwane pa phando limodzi. Amazula ena ndi mizu yomwe, kuti otsalawo abereke. Mukameta ndime iliyonse ndi theka, mfundo zonse zimatsala zowonda, palibe ndi imodzi yomwe yomveka bwino, ndipo womvera sadziwa kuti yaikulu ndi iti.

Tiyeni tione pepala la mayi uja momwe linalili. Kupereka ulemu kwa a Gulupu, nyakwawa zonse, alangizi a zaumoyo, a komiti ya chitukuko ndi akuluakulu a mipingo kumatenga mphindi imodzi. Mbiri ya mjigo, chaka chomwe unakumbidwa, bungwe lomwe linathandiza ndi maina a komiti yoyamba, mphindi imodzi ndi theka. Madandaulo a ana olendewera pa chopopera, ziweto zopondaponda ngalande ndi amayi ochapira pafupi, mphindi imodzi ndi theka. Lipoti la ndalama mwezi ndi mwezi, mphindi ziwiri. Nkhani ya pomwe mjigo unafa m'dzinja lapitali, anthu n'kumatunga ku dambo, mphindi imodzi ndi theka. Pempho la K1,000 limabwera pambuyo pa zonsezi ndipo limatenga mphindi imodzi. Kasungidwe ka ndalamazo, masekondi 45. Kuthokoza, masekondi 45 enanso.

Tsopano tengani gawo lililonse mulifunse funso limodzi: ndikalichotsa, kodi munthu wokayika uja asiya kuvomera kusonkha K1,000?

Mbiri ya mjigo igwa pomwepo. Anthu a m'mudzimo akuudziwa mjigo wawo, ena mwa iwo ndi omwe anatuta mchenga ndi miyala pomanga. Palibe amene angasonkhe kapena kukana kusonkha chifukwa wakumbutsidwa chaka chomwe unakumbidwa. Gawo limeneli limavuta kulitaya chifukwa ndi lomwe wolemba anavutikira kufunsafunsa kwa akuluakulu, koma kuvutikira kwanu si chifukwa choti anthu alimve lero.

Madandaulo a ana ndi ziweto ndi oona, ndipo ndi ofunika, koma ndi nkhani ina. Choopsa chake n'chakuti akhoza kulanda msonkhano wonse. Mukangotchula ng'ombe zopondaponda ngalande, mwini ng'ombe aimirira kuti adziteteze, wina amuyankha, ndipo K1,000 ija yaiwalika. Gawo limeneli lichoke lonse, lidikire tsiku lake.

Lipoti la mwezi ndi mwezi lisanduke manambala atatu kapena anayi okha. Tibwereranso pa zimenezi.

Nkhani ya m'dzinja itsale, chifukwa ndi yomwe ikuyankha funso lakuti “tisonkherenji?” Kasungidwe ka ndalama katsalenso, ndipo apa pali chinthu chomwe ambiri sayembekezera: gawo limeneli likule. Pa pepala loyamba linali la masekondi 45, pa latsopano likhale la masekondi 55. Mayiyu akudziwa kuti chomwe chimaletsa anthu kusonkha si umphawi wokha, koma kukayika kuti ndalama zimathera m'matumba a komiti. Akapanda kuyankha kukayika kumeneku, zina zonse walankhula pachabe. Kufupikitsa sikutanthauza kuti gawo lililonse lichepe.

Pomaliza, masekondi 270 aja anagawidwa motere: ulemu 20, mfundo yaikulu 25, nkhani ya m'dzinja 60, manambala 50, kasungidwe ka ndalama 55, tsatanetsatane wa pempho 40, ndi mawu otsekera 20. Mbiri ndi madandaulo zatuluka zonse, ndipo zokhazi zapulumutsa mphindi zitatu.

Bwanji mfundo yaikulu yasamukira koyambirira? Kwathu kuno munthu sayamba ndi pempho.

N'zoona kuti mwambo wathu umakonda kuti nkhani ifike pang'onopang'ono. Munthu wobwera kudzapempha amayamba wafunsa za moyo, za mvula, za ana, kenaka n'kumasula chomwe wadzera. Pa khonde la munthu zimenezi n'zoyenera. Koma pa bwalo pomwe wotsogolera mwambo wagwira wotchi, kuika pempho kumapeto n'kudziika pa msampha. Pa pepala loyamba la mayi uja, pempho limayamba patatha mphindi 7 ndi theka. Akanati angowerenga pepalalo monga linalili, akanamukhazika pansi asanatchule n'komwe K1,000, akadali pakati pa lipoti la ndalama.

Kuyamba ndi mfundo si mwano ngati mwaiveka bwino. Mvetserani: “A Gulupu, komiti yandituma ndi pempho limodzi lokha. Tikupempha kuti kuyambira mwezi uno khomo lililonse lizisonkha K1,000 pa mwezi, kuti mjigo ukawonongeka tiziukonza sabata yomweyo. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.” Mawu akuti “komiti yandituma” akuchotsa mlandu pa inu, ndipo akuti “ndiloleni” akubwezera ulemu kwa eni bwalo. Kuchokera pamenepa, anthu akumva china chilichonse akudziwa kale komwe nkhani ikulowera.

Nanga ulemu wa mafumu? Ndikadumpha wina sindilakwa?

Ulemu sudulidwa wonse, koma umapindidwa. Ngati olankhula ena atchula kale maudindo onse, inu tchulani wamkulu pa onse amene alipo, ena muwaphatikize m'magulu: “Zikomo a Gulupu, mafumu onse, alangizi athu, amayi ndi abambo. Ndaima pa ulemu womwe waperekedwa kale.” Masekondi 20 akwana, ndi kuwomba m'manja komwe.

Choopsa si kutchula ochepa, koma kutchula ena n'kusiya ena a msinkhu umodzi. Pakakhala nyakwawa zisanu inu n'kutchula zitatu, ziwiri zotsalazo zidzakumbukira zimenezi kuposa pempho lanu. Mwina mutchule onse, mwina munene kuti “mafumu onse” basi.

Pali malire ake. Ngati ndinu woyamba kulankhula, palibe ulemu woti muimepo, muyenera kuupereka nokha mokwanira. Ngati pabwera Inkosi ya dera, kapena Inkosi ya Makhosi Gomani imene, kulonjera kwa Chingoni ndi “Bayethe” wake sikufupikitsidwa chifukwa cha wotchi. Zikatero werengerani kuti ulemu udya masekondi 40 kapena kuposerapo, ndipo masekondiwo muwachotse pa nkhani kapena pa manambala, osati pa pempho. Funsani wotsogolera mwambo musanaimirire kuti alipo ndani ndipo atchulidwa kale ndi ndani.

Ndili ndi zitsanzo zitatu zabwino. Ndisunge zingati?

Chimodzi. Zitsanzo zitatu zotsimikiza chinthu chimodzi n'kuchulutsa gaga m'diwa. Posankha, musatenge chomwe chimakusangalatsani inu pochinena, tengani chomwe anthu ambiri pa bwalopo chinawakhudza okha, chifukwa chimenecho sichifuna kufotokoza kwambiri. Theka la nkhani lili kale m'mitu mwawo.

Mayi uja nkhani yake ya m'dzinja inali ndi zambiri: tsiku lomwe chopopera chinayamba kupepuka, momwe anakaitanira mmisiri wokonza mijigo, njinga yomwe inaphulika tayala pa njira, mtengo wa marabala ndi ndodo za m'kati, kukangana kwa m'komiti. Zonsezi zinachitikadi. Koma chomwe chikunyamula pempho ndi ichi chokha:

“Mukukumbukira Febuluwale uja mjigo utafa. Mmisiri anabwera tsiku lachiwiri, n'kutiuza zofunika kugula. Ndalama panalibe. Kwa masabata atatu amayi tinkadzuka m'bandakucha kukatunga ku dambo, komwe ng'ombe zimamwa, ndipo mukudziwa makomo omwe ana anatsegula m'mimba. Mjigo sunakhale masabata atatu chifukwa chosowa mmisiri. Unakhala chifukwa m'bokosi munalibe ndalama zokwanira.”

Mawuwa safika n'komwe 60, ndipo akhoza kunenedwa modekha, ndi kupuma pambuyo pa “ndalama panalibe”. Njinga yophulika tayala ikanaseketsa anthu, koma ikanawapatsanso chifukwa china cha kuchedwako, pomwe mayiyu akufuna kuti m'mitu mwawo mutsale chifukwa chimodzi.

Manambala ndi ofunika pa lipoti la ndalama. Ndingawadule bwanji osaoneka ngati ndikubisa?

Khutu silisunga manambala ambiri. Mukawerenga zolowa ndi zotuluka za miyezi 12, pofika mwezi wachinayi anthu asiya kutsatira, ndipo amene akukukayikirani sakhutira, amangoona ngati mukuwazunguza dala. Sankhani manambala omwe akayikidwa pamodzi amadzilankhulira okha. Kwa mayi uja ndi awa: m'mudzimo muli makomo 60, osonkha mokhulupirika ndi 22 okha. Kukonza kwa Febuluwale kunafuna K80,000, m'bokosi munali K35,000. Makomo onse 60 atamasonkha K1,000, ndiye K60,000 pa mwezi, ndipo miyezi iwiri yokha ikwanitsa kukonza kotero n'kutsalako.

Manambala aziyenda awiriawiri, china kuyerekeza ndi chinzake: 60 ndi 22, K80,000 ndi K35,000. Nambala yoima payokha siuza munthu kanthu. Ngati ndalama yeniyeni ndi K34,750, mukhoza kunena kuti “pafupifupi K35,000”, koma liwu lakuti “pafupifupi” lisasowe, chifukwa pa bwalo sipalephera kukhala munthu wodziwa ndalama yeniyeniyo.

Za kubisa, yankho lake ndi kaundula. Munyamuleni m'manja, mumukweze kuti onse amuone, munene kuti, “Zonse za mwezi ndi mwezi zili umu, ndimusiya kwa a Gulupu, aliyense wofuna abwere adzaone.” Masekondi 10 amenewa amagwira ntchito yoposa mphindi ziwiri zowerenga. Koma kaundulayo akhale wolongosoka ndithu, chifukwa wina adzabweradi.

Ndachotsa magawo athunthu koma ndikupitirirabe ndi masekondi 40. Nditani?

Tsopano ndi pomwe mungayambe kumeta ziganizo, ntchito yomwe ambiri amayamba nayo pomwe imayenera kukhala yomaliza. Funani zinthu zitatu. Choyamba, mawu opepesa ndi odzichepetsa opitirira muyeso: “ngakhale ine sindidziwa kulankhula pagulu”, “nthawi yandichepera koma ndiyesetsa”. Kudandaula za nthawi kumadya nthawi yomweyo. Chachiwiri, mawu olengeza zomwe mukufuna kunena m'malo mongozinena: “tsopano ndikufuna ndifotokozeko pang'ono za nkhani ya”. Chachitatu, kunena chinthu chimodzi kawiri ndi mawu osiyana.

Onani ndime iyi momwe inalili: “Tsopano ndikufuna ndinenepo pang'ono pa nkhani ya kasungidwe ka ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena pakati pathu pano omwe mwina amakhala ndi maganizo kapena nkhawa zakuti mwina ndalama zimenezi sizisungidwa bwino kapena mwina zimagwiritsidwa ntchito zina zosayenera, ndiye ife a komiti titakhala pansi tinaona kuti n'kofunika kuti tipeze njira.” Mawu pafupifupi 50, ndipo njirayo sinatchulidwebe.

Itametedwa: “Ena mukuti ndalama zimadyedwa. Tamva. Kuyambira lero wosonkha aliyense azilembedwa m'kaundula iye akuona, bokosi likhala ndi maloko awiri, kiyi wina kwa ine, wina kwa munthu amene musankhe inu, ndipo mwezi uliwonse tiziwerenga ndalama poyera pa mjigo pomwe.” Ndime yafupika, koma yanena zambiri kuposa yoyamba ija.

Pali mawu ena omwe simuyenera kuwameta: “chifukwa”, “choncho”, “koma”. Amaoneka ngati ang'onoang'ono osafunika, koma ndi omwe amalumikiza mfundo. Mukawachotsa mutsala ndi ziganizo zoima pazokha, womvera n'kumadzifunsa kuti nkhani ya dambo ikukhudzana bwanji ndi maloko awiri. Chiganizo chanu chachikulu chija nachonso chinenedwe kawiri, koyambirira ndi kumapeto, ndi mawu omwewo. Kumeneku si kubwereza kotaya nthawi.

Ndingadziwe bwanji kuti ndadula mopitirira, mpaka mfundo yatayika?

Pezani munthu amene sali m'komiti ndipo sakuidziwa nkhaniyo mwakuya, kaya ndi mlamu wanu kapena mwana wa sekondale. Lankhulani zonse muli chiimirire, wotchi ikuyenda, osaima kuti mufotokozere. Mukamaliza musamufunse kuti “zamveka?” chifukwa adzangoti “eya” mwaulemu. Mufunseni kuti, “Ukanakhala pa msonkhano, ukanakawauza chiyani amayi ako kunyumba?”

Akayankha kuti, “Akuti tizisonkha K1,000 pa mwezi kuti mjigo usamakhalitse ukafa,” mwatha ntchito. Akayankha kuti, “Amakamba za mjigo,” ndiye kuti wagwira mutu koma mfundo yamudutsa, bwererani mukaimveketse koyambirira. Akayankha kuti, “Akuti ana anadwala m'dzinja,” ndiye kuti nkhani ija yakula kuposa pempho, ichepetseni. Akakufunsani kuti, “Nanga ndalamazo tizipereka kwa ndani?” ndiye kuti mwadula chinthu chomwe sichimayenera kudulidwa. Pempho lopanda tsiku, malo ndi munthu wolandira limavomerezedwa ndi m'manja pa bwalo, koma mwezi ukatha palibe wobweretsa kanthu. N'chifukwa chake mayi uja anasiyira masekondi 40 zinthu zooneka zazing'ono: kuti ndalama zizifika pasanathe tsiku la 5 la mwezi, kuti azilandira ndi iye pa mjigo Loweruka m'mawa, ndiponso kuti za okalamba okhala okha aweruze ndi mafumu.

Chenjeraninso ndi kudula komwe kumasintha choonadi. Ngati pa pepala loyamba munati “mjigo ukawonongeka pang'ono tiziukonza sabata yomweyo, koma mapaipi akagwera pansi tidzafunabe thandizo”, musachotse theka lachiwirilo n'kutsala ndi lonjezo lomwe komiti singakwanitse. Mawu ochenjeza oterewa ndi omwe amayamba kugwa pofupikitsa, ndipo ndi omwe adzakutsutseni chaka chamawa.

Nanga akandiuza pa bwalo pomwepo, kutatsala mphindi zochepa kuti ndiimirire?

Musayese kulembanso. Tengani cholembera, muzunguze zinthu zitatu pa pepala lanu: chiganizo cha pempho, chitsanzo chimodzi, ndi manambala awiri. Dulani mzere waukulu pa magawo omwe simuwanena, kuti maso asakopeke nawo mukaima kutsogolo. Lembani 1, 2, 3 m'mbali mwa zomwe mwazunguzazo, pempho likhale 1. Ngati mnzanu wa m'komiti wakhala pafupi, mupatseni foni, mugwirizane kuti mphindi 4 zikakwana akweze dzanja.

Wozolowera misonkhano amachita zimenezi akadali kunyumba. Pokonza zolankhula za mphindi 10 amaikiratu chizindikiro pa magawo omwe angadumphe, ndipo amayeserera njira zonse ziwiri. Pa misonkhano yomwe mlendo akuchokera ku boma kapena ku Lilongwe, ndi bwino kungoganiziratu kuti nthawi idzadulidwa.

Pakakhala womasulira?

Funsani ngati mphindi 5 zo zikuphatikiza kumasulira. Ngati zikuphatikiza, zanu ndi mphindi ziwiri ndi theka, mawu pafupifupi 200 pa liwiro la mayi uja. Zikatero chitsanzo chikhale cha ziganizo zitatu, manambala akhale awiri. Muuzeni womasulira chiganizo chanu chachikulu musanayambe, ndipo pewani miyambi, chifukwa iye adzataya nthawi yanu poifotokozera.

Anzanga a m'komiti akhumudwa kuti ndachotsa zomwe anandituma. Ndiwayankhe bwanji?

Izi zimachitika kwambiri, makamaka ngati gawo lomwe mwachotsa linali la a tcheyamani. Musawadzidzimutse pa bwalo. Auzeni usiku womwewo kapena m'mawa kuti nthawi yadulidwa, muwaonetse chiganizo chachikulu, muwafunse kuti, “A tcheyamani, pakati pa nkhani ya ng'ombe ndi ya K1,000, ndi iti yomwe singadikire?” Nthawi zambiri amasankha okha zomwe inu mwasankha kale, ndipo akatero sangadzakudzudzuleni.

Zomwe mwachotsazo zipezereni kolowera. Madandaulo a ana ndi ziweto akhoza kupita kwa a nyakwawa, kapena kukanenedwa pa mjigo pomwe tsiku lowerenga ndalama. Lipoti lonse lili m'kaundula. Mbiri ya mjigo isungeni, idzafunika tsiku lomwe kudzabwere alendo osaudziwa. Ndipo ngati pali nthawi ya mafunso, zina mwa zomwe munadula zidzabwera zokha kuchokera kwa anthu, pomwe mudzaziyankhe pa nthawi yomwe sikuwerengedwa pa mphindi zanu.

Zolankhula zanga si pempho, ndi mawu a pa ukwati kapena pa maliro. Njira ndi yomweyi?

Ndi yomweyi, kungoti chiganizo chachikulu sichikhala chopempha. Pa maliro chikhoza kukhala chinthu chimodzi chomwe malemu ankadziwika nacho, ndi nkhani imodzi yochionetsa. Ngati mwatumidwa kunena uthenga wa banja kapena wa mpingo, uthengawo ndiwo mfundo, zokumbukira zanu ndi zomwe zidulidwe. Ulemu pa maliro musaupinde kwambiri monga mungachitire pa msonkhano wa komiti.

Wotsogolera mwambo waimirira, nthawi yatha, ine ndikadali pakati. Nditani?

Malizani chiganizo chomwe muli nacho pakamwa, mulumphe zonse zotsala, mupite pa mawu otsekera. Musanene kuti “ndatsala pang'ono” kenaka n'kupitiriza mphindi ina, ndipo musayambe kuwerenga mothamanga zomwe zatsala. Kukangana ndi wotsogolera mwambo pamaso pa mafumu kumachititsa kuti anthu akumbukire kukanganako.

Kuti kulumphaku kutheke, mawu otsekera muwaloweze pamtima, asakhale ofunafuna pa pepala. A mayi uja ndi ziganizo zitatu: “Pempho lathu ndi lomwe lija: khomo lililonse K1,000 pa mwezi, kuti mjigo ukawonongeka tiziukonza sabata yomweyo. Tiyamba kulandira Loweruka lino m'mawa pa mjigo. A Gulupu, nkhaniyi taisiya m'manja mwanu, zikomo.” Mawuwa akhoza kubwera pambuyo pa gawo lina lililonse, kaya anamudula ali pa nkhani ya dambo kapena ali pa maloko awiri, ndipo amatenga masekondi 20, omwe wotsogolera mwambo aliyense amalola munthu akaona kuti akutsekadi.